Mwana wanga analeka kuyankhula ndi bambo ake, ndimulembere chiyani?

"Ndine mayi wa ku Dedza. Mwana wanga woyamba, wa zaka 34, ali ku Joni. Kuyambira mu 2021 ankatumiza ndalama kwa bambo ake kuti amumangire nyumba pamalo amene tinamupatsa. Atabwera pa Khirisimasi ya 2023 anapeza maziko okha, njerwa zitamera udzu. Ndalama zina bambo ake anabwezera katapila, zina anagulira feteleza, zina sindikudziwa kumene zinapita. Anakangana anthu akuona, bambo ake n'kumuuza kuti, 'Zimene ndinawononga pokulera iwe unandibwezera?' Kuchokera tsiku limenelo sanayankhule nawonso, ndipo nambala yawo anaitseka. Ine amandiimbira, koma ndikangotchula bambo ake amadula foni. Panopa bambo akewo akudwala matenda othamanga magazi. Ndikufuna kumulembera kalata. Ndilembemo chiyani kuti afewe mtima?"

Mayi, pepani ndi katundu amene mwasenza. Kukhala pakati pa mwamuna wanu ndi mwana wobala nokha ndi chinthu chosowetsa tulo, ndipo ndikudziwa kuti mbali zonse ziwiri zikuyang'ana kwa inu ngati kuti mankhwala ali m'manja mwanu. Koma mtima ukhale pansi pang'ono. Mwana amene wataya banja lake lonse saimbira mayi ake. Wanuyu akuimbabe, ndiye kuti kwawo sanakutaye, ndipo pa ntchito yanga yolangiza mabanja ndaona kuti pamene ulusi umenewu ulipo, nthawi zambiri nkhani imakhala ndi polowera.

Maganizo olemba kalata ndi abwino. Pa foni munthu amakonza yankho inu mukuyankhula, ndipo mawu akamuwawa amangodina batani. Kalata amaiwerenga ali yekha, amaisiya, n'kudzaitenganso usiku. Komabe ndikuchenjezeni poyambirira pomwe: kalata yomweyo ikhoza kudula ulusi umene watsalawu. Ndaona amayi amene analemba ndi misozi ndi chikondi chenicheni, zotsatira zake mwana n'kutsekanso nambala yawo. Chinalakwika sichinali chikondi chawo. Mwana atawerenga anamva mawu a bambo ake atavala dzanja la mayi ake.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti musinthe cholinga cha kalatayi. Musailembe kuti imubweze kwa bambo ake. Ilembeni kuti adziwe kuti mayi ake anaona zimene zinamuchitikira, ndipo sakuzichepetsa. Kufewa mtima kumene mukufunako, kukabwera, kumabwera pambuyo pa zimenezi.

Tiyeni tione kaye zimene zili mumtima mwake, chifukwa munthu sangalembere bwino munthu amene sanamumvetse. Anthu akumudzi amaona ndalama za ku Joni ngati zimangotoledwa. Achinyamata athu ambiri kumeneko amagwira ntchito za m'minda ya maluwa, za m'nyumba, zomanga, za m'mashopu. Amagona angapo chipinda chimodzi kuti lendi ichepe, ena mapepala awo sali bwino ndiye amayenda mtima uli m'mwamba, ndipo onse amadziwa kuti tsiku lina chipwirikiti cholimbana ndi obwera chikhoza kubuka monga zinachitikira mu 2008 ndi mu 2015. Munthu wotere akamatumiza ndalama ya nyumba, akumanga pothawira. Mwezi uliwonse akachoka potumiza ndalama, m'mutu mwake khoma limakhala litakwerako mizere ingapo. Anzake ankamuonetsa zithunzi za nyumba zawo, iyenso ankawauza kuti yanga ili pa mawindo. Ngati ali ndi mkazi, mwina mkaziyo anamuchenjezapo kuti ndalama azisunga okha, iye n'kuyankha kuti bambo anga sangandichite zoipa. Ndiye tsiku limene anaima pa maziko aja anataya zinthu zitatu nthawi imodzi: ndalama, zaka za thukuta lake, ndi nkhope yake pamaso pa anthu amene anawatsimikizira.

Ngakhale zili choncho, ana ambiri amakhululuka nkhani ya ndalama. Chimene chimatseka pakamwa ndi mawu amene amabwera pamwamba pake. Mwana akafunsa za ndalama zake n'kuyankhidwa ndi mtengo wa kumulera, amamva kuti kwa bambo ake iye ndi ngongole yoyenda ndi miyendo, ndipo chilichonse chimene adzatumize chidzatengedwa ngati kubweza. Amamvanso kuti alibe ufulu wofunsa. Poti zinanenedwa pagulu, zinakhomereka.

Pali chinthu china chimene makolo ambiri sachiona. Kwathu kuno mwana wamwamuna sabwezera bambo ake mawu, sakweza dzanja, sawatengera kubwalo ngati mmene angachitire ndi munthu wamba amene wamudyera ndalama. Njira zonse zotulutsira mkwiyo ndi zotseka. Chotsala ndi kukhala chete. Anyamata angapo andiuzapo mosiyanasiyana mfundo imodzi yomweyi, kuti amaopa zimene zingatuluke pakamwa pawo akayankhula. Choncho kukhala chete kumene achibale akukutcha mwano, kwa iye kukhoza kukhala ulemu wotsiriza umene wakwanitsa kusunga. Mukalemba kalata yomudzudzula za mwano, adzaona kuti simunamumvetse ngakhale pang'ono.

Sindikunena kuti amuna anu ndi chilombo. Katapila amaluma, chiwongoladzanja chake chimakwera mwezi ndi mwezi, ndipo munthu amene ali ndi ndalama za wina m'thumba pamene angongole ali pakhomo amadziuza kuti ndingobwereka, ndidzabweza ndikakolola. Mawu oipa aja nthawi zambiri amatuluka mwa munthu amene wagwidwa ndi manyazi ndipo alibe poyankhira. Izi n'zomveka, koma si inu woyenera kukazifotokoza kwa mwana. Mukangoyamba kufotokozera bambo ake, kalata yasanduka ya loya.

Tsopano funso lovuta, ndipo ndikulifunsa mwaulemu. Inuyo munkadziwa? Zaka ziwiri ndalama zikubwera, khoma losakwera, inu muli pamudzi pomwepo. Mwana wanu funso limeneli ali nalo, ngakhale sanakufunseni. Mwina pa foni ankafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji, inu n'kuyankha kuti ikuyenda, poopa kuyatsa moto m'nyumba. Amayi ambiri amachita zimenezi, ndipo chifukwa chake chimamveka. Koma ngati ndi mmene zinalili, mtima wa kalata yanu uli pamenepa. Simungapepese m'malo mwa amuna anu, chifukwa kupepesa kobwereka sikuchiritsa munthu. Mungapepese gawo lanu lokha. Ndipo mayi akavomera gawo lake popanda kukakamizidwa, mwana amaona chinthu chimene sanachionepo m'nkhani yonseyi: munthu wamkulu akunena zoona. Ngati simunkadziwa, nenaninso choncho mwachidule, osalumbira.

Dzifunseninso ngati nkhaniyi inayambadi ndi nyumba. Nthawi zina ndalama zimangokhala chomalizira. Ngati mwanayu anakula akumenyedwa mopitirira, kapena akuona inu mukumenyedwa, kapena fizi yake ikuthera ku mowa, ndiye kuti chilonda n'chakale ndipo nyumbayi yangochitokosa. Pamenepo musayembekezere kuti kubweza simenti kutha zonse, ndipo musalembe kuti bambo ako akhala akukukonda nthawi zonse ngati iye akukumbukira zina.

Zimene zimawononga makalata otere ndazionapo kambirimbiri, ndipo zimafanana. Choyamba ndi kugwiritsa ntchito matenda ngati mbedza: bambo ako akudwala chifukwa cha iwe, akamwalira udzalira ndani. Mawu amenewa akhoza kumubweretsa, koma adzabwera atakwiya kawiri, ndipo tsiku lina matenda akadzakuladi sadzakukhulupirirani. China ndi mavesi. Amayi opemphera amathamangira pa Aefeso 6, pamene pakunena za kulemekeza atate ndi amayi. Mwana wanu anakulira m'tchalitchi momwemo, akudziwa kuti vesi 4 ya mutu womwewo ikuchenjeza atate kuti asakwiyitse ana awo. Mukamuponyera vesi adzakubwezerani vesi, ndipo mudzakhala mutayamba mtsutso. Muuzeni kuti mumamupempherera, ngati mumaterodi, n'kulekera pomwepo. Siyaninso za zimene anthu akunena pamudzi, za tsoka limene limagwera mwana wosamvera, ndi za azing'ono ake amene akuti akutengera chitsanzo choipa. Zonsezi zimamuuza kuti chimene chikukuwawani ndi manyazi a banja, osati kupweteka kwake.

Chenjeraninso ndi chiganizo chimene chimayamba bwino n'kukhota pakati: ndikudziwa kuti unalakwiridwa, koma ndi bambo ako. Munthu wopwetekedwa amangomva theka lachiwirilo. Mukavomera kuti analakwiridwa, ikani mpumiro, chiganizocho chiime chokha.

Mbali inanso yoopsa ndi yotsutsana ndi imeneyi. Pofuna kuti mwana akukhulupirireni, mukhoza kuyamba kumukhuthulira zonse zimene amuna anu anakulakwirani pa zaka zonse za ukwati. Musatero. Mudzakhala mwamusenzetsa ukwati wanu, ndipo tsiku limene adzafune kuyankhula ndi bambo ake adzaona ngati akukuperekani inu.

Nachi chitsanzo cha mmene kalatayo ingakhalire. Musaikope mmene ilili. Mwana wanu amadziwa kayankhulidwe kanu, ndipo akaona mawu achilendo adzafunsa kuti wakulemberani ndani. Muitaneni mmene mumamuitanira masiku onse, kaya ndi dzina la paubwana, kaya mumati bambo a uje.

"Mwana wanga, ndakulembera chifukwa pa foni ndimalephera kumaliza mawu. Palibe amene wandituma. Bambo ako ndawauza kuti ndikulemba, koma sanaone zimene ndalemba.

Zimene zinachitika ndi ndalama zako zinali zolakwika. Unatumiza kuti umange nyumba, ndipo nyumbayo sinamangidwe. Ndikudziwa kuti unadzimana zambiri kuti uzipeze. Mawu amene unauzidwa tsiku lija pamaso pa anthu sanali oyenera. Ine ndinakubala ndipo ndinakulera, ulibe ngongole ya kuleredwa kwa ine kapena kwa wina aliyense.

Inenso ndili ndi mbali yanga. Ndinkaona kuti ntchito yaima, ndipo pamene unkandifunsa ndinkati zili bwino. Ndinkaopa mkangano. Ndinayenera kukuuza zoona. Pepa mwana wanga.

Sindikukupempha kuti uwaimbire bambo ako. Zimenezo ndi za iwe ndi iwo, ndipo ndasiya kuzitchula tikamayankhula pa foni. Malo ako alipo. Njerwa tazisanja bwino ndipo taziphimba, maziko sanagumuke. Palibe adzagwire malowo.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Ngati pali zimene ukufuna kuti ndidziwe za mmene zinakupwetekera, ndiuze, kaya polemba kaya pa mawu. Ndidzamvetsera osakudula, ndipo sindidzauza munthu popanda chilolezo chako. Ngati sunakonzeke, palibe kanthu, uzingondiimbira monga mwa masiku onse.

Nditumizire zithunzi za ana. Ndine mayi ako."

Mwaona kuti ndi yaifupi, tsamba limodzi. Kalata ya masamba asanu imakhala ndi malo ambiri opunthwirapo. Mwaonanso kuti yatchula cholakwa ndi dzina lake. Sinanene kuti zimene zinachitika zija kapena kusamvana kwanu kuja, chifukwa mawu ozungulira otere amamveka ngati onse awiri analakwa mofanana. Komanso sinatukwane bambo ake, yangonena chimene chinachitika.

Chiganizo choti palibe amene wandituma chilembedwe pokhapokha ngati ndi choona. Chimodzimodzi za njerwa. Musalembe kuti mwazisanja musanazisanje. Pitani kaye mukazule udzu, musanje njerwazo, muziphimbe ndi pulasitiki kapena udzu mvula isanazisungunule, mujambule chithunzi. Munthu amene ananamizidwa kwa zaka ziwiri amayesa mawu aliwonse, ndipo bodza laling'ono limodzi lidzagwetsa kalata yonse. Lonjezo losatchula bambo ake pa foni ndi lolemera kuposa mmene likuonekera. Adzakuyesani. Adzaimba, mudzacheza za mvula ndi za mbewu, iye akudikira kuti muyambe. Mukadutsa mafoni angapo osayamba, m'pamene adzakhulupirire kalatayo.

Za kuwauza amuna anu, ine ndimalangiza kuti adziwe kuti mukulemba, kuti isadzakhale nkhani ya chinsinsi ikadzamveka. Koma asakuuzeni zolemba, ndipo asawonjezere moni wawo pansi. Ngati mukudziwa kuti kuwauza kungakubweretsereni chibakera, musawauze, ndipo chiganizo chimenecho muchichotse m'kalatamo.

Lembani ndi dzanja lanu pa pepala la m'kope. Zilembo zikhale zokhota, zilibe kanthu, mwana amadziwa dzanja la mayi ake. Mukatero jambulani bwino pa kuwala n'kutumiza pa WhatsApp kwa iye yekha, osati pa gulu la banja. Kupatsira munthu wa pa basi kapena wa matransipoti n'kothekanso, koma ikhale yomata, ndipo wonyamulayo asakhale wachibale amene akaonjezere ulaliki wake pofika. Ngati kulemba kumakuvutani, musapemphe mng'ono wake kapena mlongo wake kuti akulembereni, chifukwa mwalowetsa mwana wina m'nkhani. Jambulani mawu anu pa foni muli nokha, mphindi ziwiri kapena zitatu, mutakonzeratu zonena. Mukalemba, igoneni masiku awiri musanatumize, kenako muiwerenge ngati ndinu iyeyo. Paliponse pamene mukumva kukoka, fufutani. Musatumize pa tsiku la maliro, la ukwati, kapena pamene mwangomupempha ndalama. Ndipo m'kalatamo musakhale pempho la ndalama ngakhale la sopo.

Nanga matenda a bambo ake? Ali ndi ufulu wodziwa, ndipo kumubisira kungakhale kubwereza cholakwa chakale chija. Koma nkhaniyi iyende payokha, tsiku lina, m'mawu owuma ngati a kuchipatala: bambo ako anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi mwezi wakuti, akumwa mankhwala tsiku lililonse, akuyenda ndipo akulima, ndangoti udziwe. Osaonjezera kanthu. Dziwaninso inuyo kuti matendawa munthu amakhala nawo zaka zambiri ngati akumwa mankhwala mosadumphitsa, kuchepetsa mchere ndi mowa, ndi kukayezetsa pa masiku amene apatsidwa. Si chifukwa chothamangitsira chiyanjano. Zikadzasintha, monga kufooka mbali imodzi ya thupi, kukhota pakamwa, kulephera kuyankhula bwino kapena kupweteka kwambiri pachifuwa, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mwana mumuuze tsiku lomwelo mosabisa. Kubwera kapena kusabwera adzasankha yekha, koma asadzanene kuti sanauzidwe.

Mukatumiza, konzekerani zinthu zitatu. Akhoza kukhala chete. Mudzaona kuti wawerenga, osayankha, ndipo mtima udzafuna kufunsa kuti waiona kodi. Musafunse. Akaimba n'kumacheza ngati palibe chachitika, chezani naye, kalatayo ikugwira ntchito yake mkati. Akhozanso kuyankha ndi mkwiyo, uthenga wautali wodzaza ndi zakale, zina zokhudza inu. Amayi ambiri pamenepa amaganiza kuti alakwitsa, pamene kwenikweni ichi ndi chizindikiro chabwino kuposa zonse, chifukwa munthu amakhuthula pamene waona kuti pali womvera. Musadziteteze, musakonze madeti amene walakwitsa. Yankhani mwachidule kuti ndamva mwana wanga, zina sindinkazidziwa, zikomo pondiuza. Chachitatu, akhoza kunena kuti nkhaniyi musadzaitchulenso. Lemekezani zimenezo. Musalembe kalata yachiwiri pa nkhani yomweyi pasanapite miyezi yambiri, pokhapokha pakhale chatsopano chenicheni chomuuza.

Chatsopano chimenecho chingachokere kwa munthu mmodzi yekha, amuna anu. Apa m'pamene ntchito yaikulu ili, ndipo ili m'nyumba mwanu momwemo, osati ku Joni. Abambo ambiri a msinkhu umenewu mawu oti pepa kwa mwana amawakanika pakhosi, ndipo mukadikira mawuwo mukhoza kudikira mpaka kalekale. Koma ambiri amatha kuchita chinthu chooneka. Pa nthawi yabwino, muli awiri, apempheni kuti mukhale pansi ndi kope mulembe ndalama zonse zimene zinabwera ndi kumene zinapita. Mauthenga a Mukuru kapena a Airtel Money ngati alipo pa foni athandiza, ndipo dziwani kuti mwana wanu ali ndi mndandanda wake, mwina mpaka tambala. Zimene sizikudziwika kumene zinapita zilembedwe choncho, kuti izi ndinadya. Mwana amalandira choonadi chowawa msanga kuposa nkhani yosokonekera.

Pobweza, musawerengere m'makwacha. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zomangira inakwera motsatira. Bambo akabweza nambala yomweyo ya makwacha imene analandira mu 2021, mwana adzaona kuti wabwezeredwa gawo chabe. Werengerani m'zinthu: ndalama zija zikanagula matumba angati a simenti, malata angati, mitengo ingati ya denga. Tinene kuti mwapeza kuti zinali za matumba 60 ndi malata 40. Bambo sangazipeze chaka chimodzi, koma akhoza kunena kuti pokolola paliponse ndizigula matumba 10, ndipo njerwa zina ndiumba ndi kuwotcha ndekha. Simenti isagulidwe n'kusungidwa miyezi yambiri chifukwa imauma, igulidwe pamene mmisiri ali wokonzeka. Ndipo asayambe kumanga mwini wake asanavomere, chifukwa kumumangira mosamufunsa ndi kumulandanso chiganizo kachiwiri. Uthenga woti bambo ako alemba zonse ndipo akufuna kubweza motere, kodi uvomera, ndi umene ungatsegule nambala yotsekedwa ija.

Uthenga umenewo usanyamulidwe ndi inu. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo munthu amene ali ndi mphamvu yomuyankhula ndi malume ake, mlongo wanu, mwini mbumba. Malume akhozanso kuyankhula ndi amuna anu ngati mlamu wawo, mawu amene inu simungawanene. Koma sankhani bwino. Malume amene adzangoimba foni n'kulamula kuti upepese kwa bambo ako adzawononga zonse. Pakufunika amene angayambe wamva mbali ya mwanayo mpaka kumapeto. Ankhoswe ndi a ukwati wanu, aitaneni ngati nkhaniyi yayamba kugwedeza inu ndi amuna anu. Abusa kapena akulu a mpingo angathandize ngati mwanayo amawakhulupirira, osati chifukwa choti bambo ake ndi mkulu wa mpingo kumeneko. Ndipo chonde pewani bwalo la anthu ambiri pamene wangofika kutchuthi. Chinalakwika pagulu, koma chimakonzedwa ndi anthu atatu kapena anayi m'nyumba.

Za malo, ngati ndi a kuchikazi kwanu monga zimakhalira m'midzi yambiri ya ku Dedza, muli ndi mawu pa iwo. Pitani ndi malume kwa amfumu mukatsimikize pamaso pa mboni kuti malowo ndi a mwanayo, kuti wina asadzawagulitse kapena kuwapereka chikole. Ichi mungachite ngakhale amuna anu asanasunthe, ndipo chimapatsa mphamvu mawu a m'kalata aja oti palibe adzagwire malowo.

Ndikuuzeninso mosabisa kuti chiyanjano chikabwera sichifanana ndi chakale. Nthawi zambiri chimayamba ndi moni wouma, mwadzuka bwanji, tadzuka, basi. Mwana akhoza kudzayankhula ndi bambo ake koma osadzawapatsanso ndalama m'manja, n'kumatumiza kwa mmisiri kapena kusitolo ya zomangira mwachindunji. Zimenezo musazione ngati chilango, ndi nzeru, ndipo zimateteza ubale. Palinso mabanja amene bambo amakana mpaka mapeto kuti analakwa. Zikatero simungamukakamize mwana, ndipo si inu mwalephera.

Pali nthawi zimene nkhaniyi imaposa kalata ndi malume. Ngati amuna anu akukumenyani, kukuopsezani kapena kukuletsani kuyankhula ndi mwana wanu, pitani ku ofesi yothandiza ozunzidwa imene imapezeka ku polisi, kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya pa boma. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limakutetezani, ndipo khoti likhoza kupereka chiletso. Ngati mwana wanu wayamba kudula aliyense, kumwa kwambiri, kusiya ntchito, kapena kunena mawu ngati ndatopa ndi moyo, musadikire yankho la kalata. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikumuika maganizowo, ndipo pezani munthu amene ali naye pafupi ku Joniko kuti akamuone tsiku lomwelo ndi kupita naye kuchipatala. Bambo akenso muwayang'anire pa zizindikiro zomwezi, chifukwa ngongole ndi manyazi zimagwetsa amuna ambiri mwakachetechete. Inunso ngati papita masabata angapo musakugona, musakudya, mukungolira, kauzeni a kuchipatala cha boma cha Dedza, kumene mungafunse anamwino oona za maganizo, kapena ku St John of God ku Lilongwe kumene kuli alangizi a zimenezi. Mukapita kukatenga mankhwala a amuna anu, pemphani kuti nanunso akuyezeni kuthamanga kwa magazi.